Zala zatchinga deti pa chikwangwani cha ukwati, ndisintha bwanji?

"Achimwene, ndili ndi kashopu kopulinta makadi pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Kasitomala wanga anakajambulitsa ku Senga Bay ndi chibwenzi chake atagwira chikwangwani choyera, pamwamba analemba UKWATI WATHU, m'munsi 14 OKUTOBALA, zilembo zofiira. Pano ankhoswe asintha deti, yapita pa 25 Novembala. Zala za mwamuna zatchinga mbali ya 1 kumanzere, za mkazi zatchinga L ndi A kumapeto. Ndikafufuta zakalezo zala zikumapakika, ndikalemba zatsopano zikumakhala pamwamba pa zala ngati sitika. Ndimagwiritsa Photoshop pa laputopu, chithunzi ananditumizira pa WhatsApp. Zingatheke, kapena ndiwauze akajambulitsenso?"

Zitheka achimwene, musawabweze kunyanja kaye. Ntchito ngati iyi imabwera pafupipafupi nyengo ya maukwati ikafika, ndipo yanuyi ndi imodzi mwa zosavutazo chifukwa chikwangwani ndi choyera komanso zala ndi chinthu cholimba chokhala ndi m'mphepete mooneka bwino, osati tsitsi kapena velo. Chomwe chikukuvutani ndi chimodzi chokha, mukugwira zonse pa leya imodzi, chala, chikwangwani ndi zilembo zili pamodzi, nde chilichonse chomwe mwachita kwa china chikukhudzanso chinzake. Wopenta nyumba sazungulira kabati ndi burashi, amaisuntha kaye n'kupenta khoma lonse kenako n'kuibwezera pomwe inali. Apanso ndi chimodzimodzi, dzanja lichoke kaye likhale pa leya yakeyake pamwamba pa zonse, inu muzigwira ntchito yanu kunsi kwake.

Koma musanatsegule n'komwe Photoshop, imbirani kasitomalayo akupatseni nambala ya amene anawajambula. Chithunzi chikadutsa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimafinyidwa, mbali yaitali imatsala mapikiseli pafupifupi 1600, ndipo ukazuma pafupi ndi zilembo umaona timabokosi ndi litsiro lozungulira chilembo chilichonse, makamaka zofiira pa zoyera ngati zanuzi. Litsiro limenelo ndi lomwe limapangitsa kuti m'mphepete mwa chala musamaoneke pomwe khungu lathera. Kadi ya A6 kuti ituluke bwino pa 300 DPI imafuna 1240 kwa 1748, A5 imafuna 1748 kwa 2480, nde mukuona nokha kuti cha pa WhatsApp chikuperewera pang'ono olo pa kadi yaing'onoyo. Wojambulayo atumize fayilo yoyambirira ngati Document, kapena mupite ndi fulashi. Mumufunsenso ngati ali ndi zithunzi zina za tsiku lomwelo, ojambula sawomba kamodzi, mwina pali china chomwe manja agwira m'munsi ndipo deti yonse ili poyera. Ngati chilipo ndipo nkhope zawo zaoneka bwino, tengani chimenecho, ntchito yatsika ndi theka.

Tsopano tinene kuti chithunzi ndi chomwechi basi. Yambani ndi kutulutsa dzanja. Dinani Ctrl+J kawiri kuti mukhale ndi makope awiri, choyambirira chija musachikhudze. Pa kope yapamwamba tengani Pen Tool, zumani mpaka 300% ndipo muzitsata m'mphepete mwa zala pang'onopang'ono. Ndikudziwa kuti Quick Selection ndi yachangu ndipo ambiri timaithamangira, koma pamene chilembo chofiira chagundana ndi khungu lakuda imasokonezeka, imaluma chilembo n'kuchitenga ngati mbali ya chala, mapeto ake chala chimatuluka ndi kachotupa. Pen imatenga nthawi koma mzere wake ndi woyera. Simukufunika kuzungulira munthu yense ayi, zala zokha zomwe zalowa pa chikwangwani, kunja kwa chikwangwaniko mutha kungodumpha ndi madontho atatu n'kutseka. Mzere wanu uzidutsa mkati mwa khungu pang'ono, pikiseli imodzi, osati kunja. Ndipo musaiwale mipata ya pakati pa zala, ngati pakati pa chala cholozera ndi chapakati pakuoneka chikwangwani, mpata umenewo ukhale wotseguka chifukwa chilembo chatsopano chikuyenera kudzaonekera momwemo. Anthu ambiri amadula dzanja lonse ngati chibumi chimodzi, kenako mumpatamo mumatsala kachidutswa ka chilembo chakale, 1 uja akusuzumirabe pakati pa zala pomwe kunja kwalembedwa 2.

Mukatseka mzere dinani Ctrl+Enter usanduke selekishoni, pitani Select > Modify > Feather muike 0.5 kapena 1 malinga ndi momwe chithunzicho chilili chakuthwa, kenako dinani kabatani ka Add layer mask m'munsi mwa maleya. Ine ndimakonda masiki kusiyana ndi kudula dzanjalo n'kulikopa, chifukwa masiki sataya kanthu, ukapenta chakuda zimabisika ukapenta choyera zimabwerera, ndipo mudzaifuna kutsogoloku pokonza m'mphepete. Leya imeneyi itchuleni dzanja, ikhale pamwamba mpaka ntchito itatha. Sevani PSD pomwepa, magetsi athuwa sachenjeza.

Kenako kufufuta zilembo zakale. Zimitsani kaye diso la leya ya dzanja, pangani leya yopanda kanthu pamwamba pa kope yachiwiri ija, tengani Clone Stamp ndipo pamwamba pa Sample musankhe Current & Below. Gwirani Alt n'kudina pamalo oyera a chikwangwani pafupi ndi chilembo, kenako pentani pachilembopo. Kupakika komwe mwakuona kuja ndikukhulupirira kuti munagwiritsa Spot Healing Brush kapena Content-Aware Fill. Zida ziwirizo zimayang'ana mitundu yozungulira n'kuisakaniza, pakati pa chikwangwani zimagwira bwino kwambiri ndipo mutha kuzigwiritsa pa K, U ndi T, koma zikafika pafupi ndi chala zimakoka mtundu wa khungu n'kuupaka pa choyera. Clone Stamp saganiza, imangotenga apa n'kuika apo, nde pafupi ndi zala ndi yomweyo basi.

Apa ndi pomwe pali chinsinsi chenicheni. Musaime pamene chala chayambira. Pentani choyeracho mpaka chilowe kunsi kwa chala mapikiseli asanu kapena khumi, chala cha pa leya yapansiyi chidyeke ndithu, musachite mantha chifukwa chenicheni chili pamwamba paja chikudikira. Chifukwa chake ndi ichi, kamera sijambula malire akuthwa ngati lezala, pamene khungu lakumana ndi chilembo chofiira pamakhala mapikiseli awiri kapena atatu osakanikirana, si khungu si chilembo. Mukaima pa malire enieniwo mapikiseli amenewo amatsala, ndipo mukayatsa dzanja mumaona kamzere kofiirira m'mbali mwa chala, pamalo pomwe pano palibenso chilembo. Munthu wamba sadziwa kuti chalakwika n'chiyani koma amaona kuti chalacho chikuoneka ngati chamatidwa.

Choyera cha chikwangwani chija si choyera chimodzi ayi. Dzuwa la ku Senga Bay limawomba mbali imodzi, mchenga umabwezera kuwala kwachikasu kuchokera pansi, kumwamba ndi madzi zimapaka kabuluu pang'ono. Nde musatenge #FFFFFF n'kupenta ndi burashi, padzaoneka chigamba. Muzisintha pafupipafupi malo otengapo ndi Alt, ndipo muzitenga pamzere womwewo, chakumanzere kapena chakumanja kwa chilembo, osati kukatenga kumwamba kwa chikwangwani kubweretsa m'munsi. Njira yodziwira ngati mwafufuta bwino, ikani Levels yakanthawi pamwamba pa zonse, kokani kamuvi kapakati kumanja mpaka chithunzi chide kwambiri. Zigamba zonse zimatulukira poyera, nthawi zina OKUTOBALA yense amaoneka ngati mzukwa pomwe maso amati pafufutika. Konzani Levels ili choyaka chomwecho, mukatha muichotse. Izi ndi zofunika chifukwa pulinta nthawi zambiri imatulutsa zinthu zakuda kuposa sikirini, zomwe laputopu yabisa pepala limaulula.

Tibwere pa mthunzi, chifukwa ndi umene umasiyanitsa ntchito ya katswiri ndi ya wophunzira. Chala chikagwira chikwangwani padzuwa chimaponya mthunzi pambali pake, ndipo mthunziwo unagwera pa choyera komanso pa 1 wakale uja. Pofufuta 1 mwafufutanso mthunzi wake, ndipo popenta choyera kunsi kwa zala mwina mwadyanso wina. Chala chopanda mthunzi chimaoneka ngati chikuyandama. Yang'anani pa chithunzi choyambirira chala china chomwe mthunzi wake wagwera pa choyera pokha, muone zinthu zitatu, wapita mbali iti, ndi wotalika bwanji, ndipo m'mphepete mwake ndi mwakuthwa kapena mofewa. Ngati anajambula masana dzuwa lili pamutu umakhala waufupi, wakuda, wakuthwa, wolunjika pansi. Ngati ndi m'mawa, paja ku Senga Bay dzuwa limatulukira kunyanja, ndipo ngati iwo anafulatira nyanjayo ndiye kuti chikwangwani chonse chili mumthunzi, apo pamangokhala kamdima kofewa pomwe chala chagunda basi. Pangani leya yatsopano, muiike pa Multiply, tengani mtundu ndi Eyedropper pa mthunzi weniweni womwe ulipowo, osati wakuda bii, mthunzi wa panja nthawi zambiri umakhala wotuwa mopita kubuluu. Burashi yofewa, Opacity 20% kapena 30%, muzibwereza mpaka ufanane ndi wa chala chinzakecho. Leya imeneyi ikhale pamwamba pa zilembo zatsopano koma kunsi kwa dzanja, kuti mthunzi ugwere pa zilembo ndi pa choyera nthawi imodzi monga zimakhalira zenizeni. Ndondomeko yonse kuyambira pansi ikhala chonchi, chithunzi, kenako chikwangwani chofufutidwa, kenako zilembo, kenako mthunzi, pamwamba penipeni dzanja.

Musanalembe, taonani mwayi womwe muli nawo. OKUTOBALA ndi NOVEMBALA onse ali ndi zilembo zisanu ndi zinayi ndipo onse akuthera BALA. Ndiye kuti mbali ya mkazi ija, L ndi A zomwe zatchingidwazo, mutha osazikhudza n'komwe, mthunzi wake ndi m'mphepete mwake zikhale zenizeni momwe kamera inazionera, inu musinthe OKUTO kukhala NOVEM basi. Koma izi zimagwira pokhapokha mutapeza fonti yeniyeni yomwe anagwiritsa. Ngati chikwangwanicho anapulinta, funsani amene anachipanga, mwina ndi mnzanu wa pa Kamuzu Road pomwepo, kapena yesani Type > Match Font. Muyese fontiyo polemba BALA n'kuisanjika pa BALA wakale, Opacity 50%, ikagona ndendende ndiye kuti ndi yomweyo. Ikasiyana olo pang'ono, mwendo wa A kunenepa kapena mimba ya B kukula, musaumirire, fufutani mzere wonsewo mulembe wonse ndi fonti imodzi. Diso limakhululuka mzere wapansi ukasiyana pang'ono ndi wapamwamba, koma silikhululuka fonti ziwiri mkati mwa liwu limodzi. Dziwaninso kuti M ndi wonenepa kuposa T, nde NOVEM akhoza kufuna malo ochulukirapo, chepetsani mpata wa pakati pa zilembo pang'ono kapena musunthire 25 kumanzere ngati malo alipo, koma musafinye zilembozo m'mbali mpaka zionde kuposa BALA.

Ngati ndi cholemba pamanja ndi penti kapena maka, palibe fonti yomwe ingafanane nacho. Apo timamanga zilembo kuchokera ku zomwe zilipo, O mukopa yemweyo, V amachokera ku A wotembenuzidwa mutachotsa kamzere kapakati, E amachokera ku L kuwonjezera mizere iwiri, N ku miyendo ya H. Manambala 2 ndi 5 palibe pokopa, muwalembe papepala loyera ndi maka yonenepa chimodzimodzi, muwajambule ndi foni n'kuwalowetsa pa Multiply. Ndi ntchito yodya nthawi ndipo mtengo wake kwa kasitomala usafanane ndi wa kungosintha fonti.

Polemba, ngati mwafufuta mzere wonse, lembani zonse, 25 NOVEMBALA wathunthu, ngakhale chilembo chomwe mukudziwa kuti chikabisika. Osasiya mpata kuti apa pali chala, chala chibise chokha. Ukasiya mpata zilembo zimatalikirana mosakhala bwino ndipo chimene chinayenera kusuzumira m'mbali mwa chala sichioneka. Mtundu mutenge ndi Eyedropper pakati pa chilembo cha UKWATI, kufiira kwa pachithunzi kumakhala kozilala kusiyana ndi kwa pakompyuta. Kenako dinani kumanja pa leya ya mawu musankhe Convert to Smart Object, chifukwa mawu wamba Photoshop salola kuwakoka kona imodzi payokha, komanso zimathandiza ankhoswe akasinthanso deti, zomwe zimachitika, mumangodina kawiri n'kulemba ina, zonse zomwe mwapinda zimatsatira zokha. Dinani Ctrl+T, gwirani Ctrl n'kukoka kona iliyonse payokha. Anthu awiri akagwira chikwangwani sichikhala chowongoka, wina ndi wamtali wina wamfupi, mbali ina ili pafupi ndi kamera. Otsogolera anu ndi m'mphepete mwa chikwangwanicho ndi mzere wa UKWATI WATHU, pansi pa zilembo zanu pakuyenera kuyenda mogwirizana ndi iwo. Chosavuta kwambiri ndi kuzimitsa kaye leya yofufutira kuti zakale zionekenso, musanjike zatsopano pamwamba pake mitu ndi mapazi zifanane, kenako muyatsenso. Ngati ndi katoni yopindika pakati chifukwa choifinya, Warp ndi yomwe ingapinde mzerewo.

Leya ya mawuyo muiike pa Multiply, kuti makwinya ndi kuwala kwa chikwangwani zizionekera mkati mwa zilembo. Izi zimagwira pa zilembo zakuda kapena zofiira pa choyera ngati zanu. Tsiku lina mukadzapeza choko choyera pa bolodi yakuda Multiply idzazisowetsa zonse, apo siyani pa Normal n'kutsitsa Opacity pang'ono. Kenako zilembo zatsopano zimakhala zakuthwa mopitirira, nde Filter > Blur > Gaussian Blur, yambani ndi 0.5 muzikwera mpaka m'mphepete mwa N mufanane ndi mwa W wa pamwamba mutazuma 200%, pa chithunzi chachikulu mutha kufika 1.5 kapena 2. Malizani ndi Filter > Noise > Add Noise, 1% kapena 2%, chifukwa chithunzi chenicheni chili ndi timchenga ndipo chilembo chosalala kwambiri pakati pa timchengato chimadziulula.

Tsopano yatsani dzanja muone kumanzere kuja. Pali vuto lina lomwe limabwera pomwepa, losiyana ndi loyamba lija. Pomwe kale chala chinkagundana ndi choyera, m'mphepete mwake muli mapikiseli owala, ndipo pano 2 wofiira akudutsa kunsi kwake, nde pakati pa chala ndi 2 pakuoneka kamzere koyera ngati ulusi. Dinani pa masiki ya dzanja, burashi yakuda yaing'ono ya mapikiseli awiri kapena atatu, mudutse pomwe pali ulusipo mpaka usowe. Muzichita pamalo pokhapo pomwe chilembo chagunda, mukadya chala chonse mozungulira chimaonda ndipo zikhadabo zimatha. Ngati ulusiwo ndi wonenepa moti kuudya kuwononga chala, pangani leya pamwamba pa dzanja, dinani Ctrl+Alt+G kuti imatirire ku dzanjalo, kenako ndi Clone Stamp tengani khungu la mkati mwa chala mulibweretse m'mphepete. Ngati mwalemba mzere wonse ndiye kuti kwa mkazi muchitenso chimodzimodzi, ndipo musamale zikhadabo ngati anapaka kyutekisi yofiira, chifukwa chikhadabo chofiira pa chilembo chofiira zimalowererana, kamthunzi kochepa kunsi kwa chikhadabo ndi komwe kamazisiyanitsa.

Nkhani yomwe ndikufuna muimvetse kwambiri pa kadi yanuyi si ya zida ayi, ndi ya 2 ameneyo. Chilembo chikabisika owerenga amachimaliza okha, NOVEMBA ndi kachidutswa ka L palibe angalephere kudziwa mwezi. Nambala siili choncho. 1 ndi wowonda, mwina chala chinkangomudya mbali, koma 2 ndi wonenepa ndipo akalowa pamalo omwewo zala zitha kumubisa theka. Wina awerenga 5 Novembala, wina 15, ndipo kadi yadeti yolakwika ndi yoipa kuposa kadi yooneka kuti yasinthidwa. Nde musunthe mzerewo kapena muchepetse pang'ono mpaka chala chizingokhudza ngodya ya 2, mutu wake wokhota ndi phazi lake logona zizioneka. Pamanambala samalani awa, 3 ndi 8 amafanana mbali ya kumanzere ikabisika, 1 ndi 7 amafanana mutu ukabisika, 5 ndi 6 amasokoneza m'munsi kumanzere kukatchingidwa. Koma musathawe chala kwathunthu, kakatsala kogundana pang'ono ndi komwe kamakhutiritsa diso kuti zilembozo zinalipo kale pomwe ankajambula. Mukamaliza tumizani chithunzicho pa foni muonetse munthu yemwe sakudziwa deti, mumufunse kuti ukwati ndi wa liti, yankho lake ndi lomwe likuuzeni. Ndipo detiyo muilembenso m'mawu a pakadi m'munsimo, isadalire chikwangwani chokha.

Pali njira ina yomwe ena amakonda, m'malo moika dzanja pamwamba amaika masiki pa mawu penipenipo. Amagwira Ctrl n'kudina masiki ya dzanja, Ctrl+Shift+I kuti itembenuke, n'kuika masikiyo pa leya ya mawu. Imagwira ndithu, koma muchotse katcheni kamene kali pakati pa leya ndi masiki yake, apo ayi mukasuntha mawu bowo la chala limasunthira limodzi n'kukakhala pomwe palibe chala. Ndi vuto lomwelo lomwe amakumana nalo ochita izi pafoni, amalemba mawu n'kufufuta mbali yomwe yagwera pa chala ndi kachofufutira, zimaoneka bwino mpaka atafuna kusuntha pang'ono, ntchito yonse imayambiranso. Pafoni, pulogalamu ina yomwe ili ndi maleya enieni ndi Multiply ndi ibisPaint X, koma kutsata m'mphepete mwa chala ndi chala chako pagalasi laling'ono ndi chintchito, kwa zoika pa sitetasi zitheka, kwa zopulinta ayi. Tsiku lomwe laputopu yakana Photoshop, Photopea imatsegula PSD yanu mu burawuza ndipo zida zake ndi zofanana, kupinda mawu mukupeza pa Edit > Free Transform. GIMP nayonso imachita zambiri mwa izi, Pen wake amatchedwa Paths.

Chenjezo limodzi poti muli ndi shopu ndipo mbiri ikafala kuti mumatha zimenezi adzabwera ena. Deti ya ukwati yomwe eni ake apempha palibe vuto. Koma kusintha mawu pa chikwangwani chomwe munthu wagwira ndi kumuyankhulitsa zomwe sananene, nde wina akabwera ndi chithunzi cha munthu wina pa msonkhano wandale kapena pa zionetsero kuti mulembepo zina, kapena cha munthu atanyamula cheke, satifiketi kapena chiphaso kuti musinthe dzina kapena ndalama, kanani olo alipire bwanji. Kupeka zikalata ndi mlandu mu Penal Code, zofalitsa pa intaneti zili ndi lamulo lake la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo fayilo yake idzapezeka mu laputopu yanu osati yake. Pa ntchito yanuyi onse awiri, mwamuna ndi mkazi, aone chithunzi chomaliza n'kuvomera musanapulinte mulu wa makadi.

Nanga ndi liti pomwe muwauze kuti akajambulitsenso kapena mupereke kwa wina wozama? Ngati dzanja linagwedezeka pojambula moti zala zili mbuu zopanda malire, kudula kwake kumafuna munthu wozolowera kupenta masiki ndi burashi yofewa. Ngati chikwangwanicho ndi chagalasi kapena chonyezimira moti mukuonekera nyanja ndi mitengo, kufufuta zilembo ndi kumanganso zonse zoonekerazo. Ngati pa zilembopo pagwera zingwe za tsitsi kapena nsalu yoonekera mkati, Pen sithandiza, zimafuna Select and Mask kapena ma Channels, ndipo pa chithunzi cha WhatsApp sizituluka bwino olo achite ndani. Ndipo ngati ali ndi kavidiyo ka tsiku lomwelo akufunanso kasinthidwe, imeneyo ndi ntchito ina, mu sekondi imodzi muli zithunzi 25 kapena 30 ndipo dzanja likuyenda mu chilichonse, perekani kwa ochita mavidiyo. Muwerengerenso ndalama mwachilungamo, kuchoka pa Kamuzu Road kufika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 20 okha, nde ngati wojambula wataya fayilo yoyambirira ndipo iwo akufuna bana yaikulu ya pageti osati kadi, thiransipoti ndi chikwangwani chatsopano zitha kutsika mtengo kuposa maola anu. Akapitanso muwauze agwire m'mphepete mwenimweni kapena kunsi, zala zikhale kumbuyo, ndipo wojambula awombe chimodzi atagwira chikwangwani chosalemba kanthu.